Kalembedwe ka Ndakatulo ya Amayi Okwanitsa Zaka 70

Takulandirani, owonera athu. Lero tikambirana za ndakatulo yolakatula pa phwando la amayi amene akukwanitsa zaka 70, ndakatulo yowatenthetsa mtima komanso yowaseketsa pang'ono popanda kuwachotsera ulemu pamaso pa apongozi ndi zidzukulu.

Musanalembe mzere uliwonse, sankhani chizolowezi chimodzi cha amayiwo chimene aliyense pakhomopo amachidziwa. Mawu akuti "amayi ndinu achikondi" ndi oona, koma angathe kunenedwa kwa mayi aliyense, ndipo anthu amangowomba m'manja mwaulemu chabe. Tiyeni titenge chitsanzo cha amayi amene amasunga mbale zatsopano m'kabati, n'kumati ndi za alendo. Tamvani ndime iyi:

Amayi, mbale za maluwa zija mudati ndi za alendo,
ife tizidyera m'mbale zathu zachitsulo.
Abusa adabwera, ankhoswe adabwera,
mbale zili phee m'kabati, kudikira alendo enieni.
Lero tasamba, tatchena, tabwera ndi zidzukulu zanu:
kodi Amayi, sitinafikebe pokhala alendo?

Onani kuti nthabwala yagwera anafe, amene tikupempha mbale ngakhale tili ndi imvi, pomwe amayi atsala pampando wawo waulemu, ndipo ndime yonse ikuwatchula kuti "inu". Onaninso kuti mizere sikuthera m'mawu omveka mofanana. Chimene chikupereka kamvekedwe kokoma ndi kubwereza kwa "adabwera", pamodzi ndi funso lakumapeto, limene muyenera kulifunsa mutapuma kaye pang'ono kuti anthu akonzekere kuseka.

Pali nthabwala zina zoyenera kuzipewa, monga za kuiwala, mano, ndodo yoyendera ndi matenda, chifukwa zidzukulu zikhoza kuseka pomwe mwini tsiku wakhumudwa. Samalaninso ndi Salimo 90 ndime 10, imene ambiri amathamangira chifukwa imatchula zaka 70, koma kwenikweni ikunena za kufupika kwa moyo.

Anthu akaseka, tembenukani msanga ndi mzere umodzi kapena iwiri yogwira mtima, yochokera m'nyumba momwemo, monga wakuti: "Inu munkadya mkute kuti ife tidye yamoto." Ngati mukufuna kusonyeza kutalika kwa ulendo wawo, gwiritsani ntchito zimene adaona ndi maso. Mayi wobadwa mu 1955 adali ndi zaka 9 pamene Malawi idalandira ufulu mu 1964, ndipo adayamba kutumidwa kugolosale ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971.

Ndakatuloyo isapitirire mizere 20, chifukwa pa phwando mpunga umazizira msanga. Ilakatuleni mokweza kunyumba kaye, ndipo mzere uliwonse umene mpweya ukukutherani musanafike kumapeto, muudule pawiri.