Kuwerenga patani yoluka: chibwereza chikudya angati, chikubala angati?

[Kamera pa manja, singano yolukira ndi ulusi wa thonje]

Moni nonse olukanu, a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje. Tcheni mumatha kale, masititchi oyamba mumawadziwa, koma patani ikabwera pa foni mumangoona zilembo ndi nyenyezi. Lero tiwerengera limodzi mizere inayi ya pamwamba pa chipewa cha dzuwa. Kutentha kwa kuno juzi ingativutitse chabe, tiyeni tiluke choti tivale.

[Pa sikirini]

```
Rnd 1: 6 sc in ring (6)
Rnd 2: inc in each st (12)
Rnd 3: *sc, inc; rep from * around (18)
Rnd 4: *2 sc, inc; rep from * around (24)
```

Zilembozi tidutsepo msanga. `Rnd` ndi mzere wozungulira, `st` ndi sititchi, `rep` ndi kubwereza, `ring` ndi kamphete ka ulusi koyambirapo. `sc` ndi sititchi yaifupi ija: lowetsani singano, kolani ulusi, tulutsani, kolaninso n'kudutsitsa pa malupu awiri onse. `inc` ndi kuluka masititchi awiri pa bowo limodzi.

Musanayambe, onani kuti patani yalembedwa kuti. A ku America ndi a ku Britain amagwiritsa zilembo zofanana pa masititchi osiyana. Sititchi yaifupiyi a ku Britain amailemba `dc`, pamene kwa a ku America `dc` ndi yaitali, yoyamba ndi kukulunga ulusi pa singano. Mukaona `sc` paliponse, dziwani kuti pataniyo ndi ya ku America, chifukwa a ku Britain alibe chilembo chimenechi.

Tsopano pa nyenyezi, pomwe pagona nkhani. Zonse zoyambira pa nyenyezi kufika pa `rep` ndi kagulu kamodzi kobwerezabwereza mpaka mzere uthe. Kagulu kalikonse muzikafunsa mafunso awiri: kakudya masititchi angati a mzere wapansi, nanga kakubala angati?

[Chala chikuloza mzere 4]

Mzere 3 watisiyira masititchi 18. Pa mzere 4, `2 sc` akutanthauza sititchi imodzi pano, ina pa bowo lotsatira. Tadya awiri, tabala awiri. Kenaka `inc` yadya imodzi, yabala awiri. Ndiye kagulu konse kadya 3, kabala 4. Gawani 18 ndi 3, mupeza kuti mubwereza ka 6. Chulukitsani 6 ndi 4, yankho ndi 24, nambala yomwe ija ili kumapeto kwa mzere. Nambala ya kumapetoyo sikukulamulani kuluka chilichonse ayi, ikungokuuzani masititchi omwe muyenera kukhala nawo mukamaliza.

Nanga mukawerenga `2 sc` ngati awiri pa bowo limodzi? Kagulu kadya 2, kabala 4, mubwereza ka 9, ndipo mutsiriza ndi 36 m'malo mwa 24. Olemba ena akafuna awiri pa bowo limodzi amalemba `2 sc in next st`, ena amafupikitsa mwa njira yawoyawo, ndipo kunena zoona ena amalemba mosokoneza. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira masamuwa kuposa mawu a wolemba. Tanthauzo lomwe likukufikitsani pa 24 ndilo lolondola.

Samalaninso ndi `rep from * 5 more times`. Koyamba mwaluka kale, ndiye kasanuko n'kowonjezera, konse pamodzi ka 6.

[Kamera pafupi, m'mphepete mwa choluka]

Kuwerenga kwake n'kotere. Yang'anani pamwamba pa mzere, sititchi iliyonse ili ndi timaulusi tiwiri tooneka ngati chilembo V. Werengani tima V timeneti. Lupu ili pa singanoyi musaiwerenge, si sititchi. Ngati patani ikutseka mzere ndi `sl st`, sititchi yongolumikiza mapeto a mzere ndi chiyambi chake, nayonso nthawi zambiri siwerengedwa, ndipo mukalukapo mumawonjezera sititchi imodzi pa mzere uliwonse osadziwa. Patani yathuyi sitseka, imangozungulira, choncho kolekani kapini kapena kaulusi ka mtundu wina pa sititchi yoyamba ya mzere, muzikasuntha mukafikapo.

Chizindikiro china chimabwera musanawerenge n'komwe. Kagulu komaliza kayenera kuthera pa `inc`, pafupi penipeni ndi kapini. Mukafika pa kapini muli pakati pa kagulu, kapena patsala bowo limodzi lopanda ntchito, penapake mwalumpha kapena mwabwereza. Masulani mzere umenewo wokha, osati chonse.

Pomaliza chiyaleni pa tebulo. Chikamachita makwinya m'mphepete, masititchi achuluka. Chikamapindikira m'mwamba nthawi isanakwane, achepa, kapena dzanja lanu likumangitsa ulusi. Ngati nambala ili 24 ndendende koma chikupindikabe, vuto si kuwerenga, tengani singano yokulirapo pang'ono muyambenso.

Mzere 5 uwerengeni nokha musanagwire singano: `*3 sc, inc; rep from * around`, pa masititchi 24. Mukapeza 30, lukani.