Mmene mungayankhulire agogo ndi adzukulu pamsonkhano umodzi

Takulandirani, okondedwa oonera. Lero tiyerekeze kuti mwapatsidwa mpata pabwalo la amfumu kuti mufotokoze za chiwongoladzanja cha banki m'khonde, ndipo pamphasa pakhala agogo, pomwe kumbuyo kwaima anyamata ndi atsikana, mafoni ali m'manja.

Choyamba ndi malonje, ndipo sindichedwapo. Yambani ndi agulupu, anyakwawa, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, kenaka mutchulenso achinyamata. Musanene kuti "madala" kwa akulu, ndiponso musanene kuti "ana inu" kwa munthu wa zaka 25 amene ali kale pabanja.

Chachiwiri ndi bodza limene limandiwawa kwambiri, lakuti akulu amafuna miyambi, achinyamata amafuna Chingerezi, choncho woyankhula angosakaniza ziwirizi. Ndaonapo munthu akutsegula ndi miyambi itatu yondondozana, kenaka n'kutembenukira kumbuyo ndi mawu akuti "twente pesenti", ndipo zotsatira zake gulu lililonse linamva theka lokha la nkhani. Akulu amadziwa miyambi kuposa inu, moti mukauika mwambi pamalo olakwika amangoweramitsa mitu mwaulemu. Komanso miyambi ina imasankha mbali. Mukanena kuti "mawu a akulu akoma akagonera" pamaso pa achinyamata, mwawauza kuti maganizo awo sakufunika, ndipo sadzafunsanso funso mpaka msonkhano kutha. Mwambi umodzi ndi wokwanira, koma ubwere mfundo itamveka kale.



Chachitatu, sankhani chinthu chimene onse amachigwira ndi manja. Nenani kuti wobwereka K10,000 adzabweza K12,000 mwezi ukatha, ndipo K2,000 yapamwambayo ndiyo chiwongoladzanja. Kenaka bwerezani ndi chimanga: wobwereka ndowa 5 abweza ndowa 6. Ndi masamu omwewo, ndipo mdzukulu amene amanyamula ndowayo kupita kuchigayo amaidziwa monga momwe agogo ake amaidziwira. Mawu akuti "20 pa 100 aliwonse" abwere pomalizira. Samalaninso ndi miyeso, chifukwa akulu ambiri amayeza munda m'maekala pomwe ana asukulu anaphunzira mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ena amawerengabe mapaundi ngakhale kwacha inayamba mu 1971.

Chachinayi, musakhulupirire yankho lakuti "tamva", pakuti kawirikawiri umakhala ulemu chabe. Funsani gulu lonse kuti wobwereka K5,000 abweza zingati, osaloza gogo mmodzi kuopa kumuchititsa manyazi. Yankho la K6,000 likachokera kumbuyo kokha, pamphasa pali zii, bwererani ku ndowa zija, ndipo nthawi ino mupemphe mayi wachikulire kuti awerengere anzake.