Makalata a omvera: Chizungu chilowe pati pouthenga wa Chichewa?

"Zikomo a wailesi. Ndimalemba mauthenga pa tsamba la Facebook la gulu lathu la achinyamata ku Ndirande. Ena ndi a ku koleji, ena adalekezera ku pulaimale, ena ali ku Joni. Ndikalemba Chichewa chokhachokha amati ndine gogo, ndikasakaniza amati ndikudzimva. Nditani?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikhudza, ndipo ndikhalapo pang'ono. Choyamba, pali mawu amene adakhazikika kale pakhomo: foni, bandulo, mayunitsi, netiweki, kutchaja. Amenewa si alendonso. Muwadziwa chifukwa amamvera malamulo athu. Timati foni yanga, mafoni anga, ndatchaja, yatchajidwa. Alembeni monga tiwatchulira, kumapeto kukhale a, e, i, o kapena u. Mukakakamira kuti lamya ya m'manja, mnyamata wa zaka 19 aziyesa mukuwerenga nkhani za madzulo.

Chachiwiri, mawu amene munthu akawaone pafoni pake musawamasulire. Ngati pafonipo palembedwa Settings, lembani Settings momwemo, chifukwa ndi amene diso lake likawafune. Kufotokoza kokha ndiye kukhale kwa Chichewa: "Pitani pa Settings, kenako dinani Privacy." Mukalemba kuti "pitani pa zachinsinsi", afufuza mpaka batire kutha. Mitengo, manambala a foni ndi masiku lembani m'manambala, K2,000 kapena 14 Juni, poti ngakhale agogo pamsika mtengo amautchula m'Chizungu.

Tsono pamene zimalakwika ndi apa. Mwanditumizira chitsanzo chanu, ndipo mundikhululukire, ndiwerenga: "Gaizi, mitingi ija yaposiponedwa, venyu tikuinfomani, koma kontiribushoni ndi kompasare." Hahaha! Iyayi achemwali, lilime langa lapindika. Taonani, mawu onse osenza uthenga ali m'Chizungu, Chichewa changotsala ngati ulusi wosokera. Yesani kuphimba mawu a Chizunguwo ndi chala. Chatsala n'chiyani? "Ija, koma, ndi." Amene sadapite patali ndi sukulu sadziwa ngati msonkhano wathetsedwa kapena wangosunthidwa, ndipo Loweruka mumupeza ali pabwalo yekhayekha. Bwenzi mutalemba kuti: "Anzanga, msonkhano uja wasunthidwa, ukhalako pa 14 Juni, 2 koloko masana. Malo tikuuzani pa gulupu ya WhatsApp. Aliyense abwere ndi K2,000." Gulupu ndi koloko zatsalamo, palibe wadandaula, ndipo mukaphimba ndi chala uthenga ukadalipo. Muyeso wake ndi umenewo. Chochitika, nthawi, malo ndi zimene mukufuna munthu achite zikhale m'mawu oti aliyense awamve. Ngati mukufuna kaphokoso ka achinyamata, ka "bho" kapena "shapu", kaikeni pa moni kapena potsanzika. Mchere sathira ndi chipande.

Wina wa ku Chipata akuti: "Anzathu a ku Malawi akalemba Loweruka ena kuno amasokonezeka." Zoona, kwanuko ambiri amati Chiwelu ndi Sondo, kuno Loweruka ndi Lamulungu, ndiye muzionjezera deti m'manambala, nkhani yatha. Chimodzimodzi mayunitsi, kwanuko ndi tokutaimu.

Mnyamata wa ku Zomba akufunsa ngati angalembe uthenga womwewo kawiri, m'Chichewa ndi m'Chizungu. Inde achimwene, makamaka ngati muli ana obadwira kunja, koma ndime ziwiri zosiyana, Chichewa pamwamba, osati kusinthasintha pakati pa chiganizo.

Makalata atatu sabata ino akudandaula chinthu chimodzi, mauthenga a maliro. Apa ndiye ndilankhule ngati malume anu. Munthu wataya mayi ake, inu n'kulemba zilembo zitatu, RIP, n'kuikapo kachithunzi kolira, basi mwapepesa? Ana inu! Pa maliro, pa matenda, popepesa wamkulu, Chizungu chimazizira. Chichewa chili ndi ulemu wakewake, woti "atisiya" osati "wafa", woti "inu" osati "iwe". Mukasakaniza, ulemuwo ndi umene umayamba kugwa. Lembani kuti "Pepani ndi zovutazi, Mulungu akutonthozeni." Zimenezo sizidya bandulo, musanamizire netiweki.

Mayi wina wa ku Dedza akuti mwana wawo amalemba "xul" m'malo mwa sukulu, ndiye nayenso akusakaniza? Ayi mayi, ameneyo sakusakaniza zilankhulo, wangochita ulesi wa zala. Muuzeni kuti kwa anzake zili bho, koma pa tsamba la gulu alembe mawu onse. Nthawi yatithera, makalata otsala tiwerenga sabata ya mawa.