Mwana wawina mpikisano wa dziko lonse, nanga anzake aja muwatani pa asembule?

[Wolankhula ali kutsogolo kwa kamera]

Muli bwanji nonse, makamaka inu aphunzitsi, ahedi ndi makolo a mu komiti ya sukulu. Lero tikambe za Lolemba lija mwana wanu wabwera ndi chikho kuchokera ku mpikisano wa dziko lonse, sukulu yonse ili pa mzere, ng'oma zalira, ndiye ahedi atenga maiki n'kunena kuti "mwamuona mnzanuyu? Inu enanu mumangobwera kuno kudzatha mipando." Mawu amenewa amanenedwa ndi mtima wabwino ndithu, cholinga n'kulimbikitsa, koma amagwira ntchito mosemphana ndi cholingacho ndipo ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake komanso momwe mwambowu mungauyendetsere.

Titenge chitsanzo chimodzi kuti tisamangoyandama. Ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumachitikira National Schools Science Fair komwe ana a masekondale osiyanasiyana amakaonetsa mapulojekiti a sayansi. Tiyerekeze kuti mtsikana wa Fomu 3 wa pa CDSS ina wapita kumeneko ndi sefa ya madzi yopangidwa ndi ndowa, miyala, mchenga ndi makala, ndipo wawina. Mu kalabu ya sayansi pa sukulu yakeyo muli ana 14. Posankha wopita panatsala awiri, iyeyu ndi mnyamata wina wa Fomu 4, mnyamatayo anatsala. Mnyamata ameneyu musamuiwale, tibwereranso kwa iye.

[Pa sikirini: Amene amapwetekeka ndi ndani?]

Ambiri timaganiza kuti mwambo wotere umapweteka ana amene sakhoza bwino m'kalasi. Ayi, iwo aja nthawi zambiri amangosangalala kuti lero piriyodi yoyamba yapita. Amene chimamulasa ndi amene ali pafupi, amene naye amaikonda sayansi yomweyo, amene anatsala pang'ono kupita.

Pali kafukufuku wa chaka cha 1997 amene anachita Penelope Lockwood ndi Ziva Kunda pa yunivesite ina ku Canada. Anapatsa ophunzira nkhani yonena za wophunzira wina wa chaka chomaliza amene anachita bwino modabwitsa pa maphunziro omwe iwonso amaphunzira. A chaka choyamba ataiwerenga anadziona okwera, analimba mtima, chifukwa nthawi yoti nawonso afike pamenepo inalipo. A chaka chomaliza nkhani yomweyo sinawakweze, inawafooketsa, poti kwa iwo nthawi inali itatha kale. Ndiye nkhani yagona apa, mwana amalimbikitsidwa ndi kupambana kwa mnzake pokhapokha akaona kuti njira yake ndi yoti naye angaiyende. Akaona ngati ndi mphatso yobadwa nayo kapena khomo latsekeka, amangoti basi zimenezi ndi za eni ake.

Tsopano onani pa sukulu yathu ija. Ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 mwayi akadali nawo. Mnyamata wa Fomu 4 uja akulemba MSCE chaka chomwechi, sadzapitanso ku Kasungu kukapikisana. Mukaima kutsogolo n'kunena kuti "chaka cha mawa mukhale inu," kwa iye mawuwo alibe kanthu. Choncho ntchito yoyamba sichitikira pa asembule ayi, imachitika asembule isanafike. Apatironi a kalabu amuitane payekha, osati pamaso pa anzake, amuuze kuti mawa kuli mwambo, amuuze chilungamo kuti kusankha kunali kovuta komanso chimene chinapangitsa kuti pulojekiti inayo ipite. Osamunamiza kuti "iwenso wawina," akudziwa kuti sanawine. Kenaka amufunse ngati akufuna kutchulidwa dzina pagulu. Ena amafuna, ena ayi, ndipo akakana mumvereni. Ndimaona kuti mphindi 5 zimenezi ndi zofunika kuposa china chilichonse chimene ndinene mu vidiyoyi, koma ndi zimene zimaiwalika kwambiri poti aliyense amakhala ali kalikiliki ndi kukonza mipando ya alendo.

[Pa sikirini: Asembule ya mphindi 15]

Tsiku lomwelo, asembule isanafike, apatironi akhale pansi ndi wopambanayo alembe mmene pulojekiti inayendera kuchokera pa chiyambi, ndani anachita chiyani. Mupeza kuti makala anabwera ndi mwana wina wa Fomu 2 amene kwawo amagulitsa, tchati chofotokozera anajambula mnzake waluso pa zojambula, wina ankamufunsa mafunso madzulo ngati jaji kuti azolowere kuyankha, alonda ankatsegula kalasi Loweruka. Mayina amenewa ndi enieni ndipo ntchito zake ndi zenizeni, simukupeka kuti musangalatse anthu.

Pa asembule penipeni, yambani ndi wopambana. Inde, yambani ndi iye ndipo musanyinyirike. Mtchuleni dzina lonse, nenani mpikisano wake, apatsidwe chikho, amayi ake alulutire mpaka akhute. Pali sukulu zina zimaopa nsanje mpaka kumangoti "tawina ngati sukulu" osamutchula mwanayo, kumeneko ndi kumulanda chake, ndipo ana enawo amaphunzirapo kuti kulimbikira kulibe phindu. Komanso zopatsa aliyense satifiketi kuti pasakhale wodandaula, ana amazindikira msanga kuti pepala limene aliyense walandira silinena kanthu.

Kusintha kuli pa zimene mukunena za iye. M'malo moti "mwanayu ndi jiniyasi, mutu wake ndi wina," nenani zimene anachita. Mwachitsanzo ahedi anganene kuti, "sefa yake yoyamba madzi ankatuluka akuda chifukwa makala sanatsukidwe, yachiwiri inkatsekeka chifukwa mchenga unali wosalala kwambiri, anabwereza mpaka inayenda." Mwana wa Fomu 1 akamva zimenezi amaona masitepe, amati kani nayenso zinkamukanika. Ndipo izi zimateteza wopambanayonso. Claudia Mueller ndi Carol Dweck mu 1998 anapeza kuti ana amene ankayamikiridwa kuti ndi anzeru ankakonda kusankha ntchito zosavuta ndipo ankagwa mphwayi msanga akalephera, kusiyana ndi amene ankayamikiridwa chifukwa cha khama. Mukamuveka dzina la jiniyasi lero, teremu ya mawa akapeza 55 pa masamu aziopa ngakhale kufunsa funso m'kalasi.

Kenaka mpatseni mwanayo mphindi 3, osati zoti athokoze Mulungu, makolo ndi aphunzitsi zokha ayi, zimenezo anene, koma aonetse sefayo ikugwira ntchito. Athire madzi a matope pamwamba, anzake aone akutuluka oyera, afotokozenso kuti kuyera sikutanthauza kuti tizilombo tafa, madziwo afunikabe kuwiritsa kapena kuthira klorini. Apa maso a ana achoka pa nkhope yake, apita pa ndowa. Akatha aitane yekha anzake aja anamuthandiza, mmodzimmodzi, akutchula chimene aliyense anachita. Zimakoma zikachokera pakamwa pake kusiyana ndi pakamwa pa ahedi.

Ndipo musabalalike musananene tsiku. "Kalabu ya sayansi imakumana Lachitatu tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 2, aliyense abwere, osati okhoza okha." Nenaninso poyera mmene wopita chaka cha mawa adzasankhidwire, liti, ndipo oweruza adzakhala ndani. Madandaulo ambiri amene ife timawatcha nsanje amakhala kuti ana akukhulupirira kuti wopita amasankhidwa mu sitafu rumu chifukwa ndi wokondedwa wa aphunzitsi kapena ndi mwana wa aphunzitsi. Njira ikakhala yoonekera, zonenanena zija zimachepa zokha.

[Wolankhula wakhala pansi]

Tsopano zimene zimaononga kwambiri zimabwera asembule itatha, ndipo zimabwera pang'onopang'ono. Mphunzitsi wa Chingerezi akubweza mapepala, "mnzanu anakafika ku Kasungu inu mukulephera ndi sentensi yomwe." Wa jogalafe mawa lake chimodzimodzi. Sabata ziwiri dzina la mwanayu lasanduka chikwapu, aliyense akalimva amadziwa kuti akukalipiridwa, ndiye mukuganiza kuti pa buleki akhala ndi ndani? Ahedi anene mu miting'i ya sitafu momveka kuti dzina la mwanayu lisatchulidwe podzudzula wina. Makolo kunyumba nanunso, ngati ali ndi mng'ono wake kapena mchimwene wake pa sukulu yomweyo, mawu oti "bwanji sukhala ngati mchemwali wako" asamveke.

China ndi timaufulu tija. Sakusesanso, akachedwa sapatsidwa chibalo, mlendo aliyense akabwera wolankhula ndi iye, kwaya iye, dibeti iye, upirifekiti iyenso. Ana amapirira kuti mnzawo walandira chikho chifukwa anachigwirira ntchito, koma sapirira kuti malamulo a sukulu amuleka. Asese ngati kale. Mphoto ya ndalama ngati inaperekedwa m'dzina lake ndi yake, sukulu isamukakamize kugawana. Ngati ina inaperekedwa ku sukulu, nenani kuchuluka kwake ku komiti ndi kwa ana, ndipo igule zinthu zimene kalabu yonse izigwiritsa ntchito.

Zithunzi za pa gulupu ya makolo ya WhatsApp kapena pa peji ya sukulu, pemphani kaye makolo ake, muike kamodzi kapena kawiri, chimodzi akhale yekha ndi chikho china ali ndi kalabu yonse. Sizifunika tsiku ndi tsiku.

Nanga anthu a mpira, a kwaya, mwana amene wachoka pa nambala 60 kufika pa 35? Amenewa musawaunjike pa tsiku la mnzawo ngati chopepesera, amadziwa kuti atchulidwa pongofuna kutseka pakamwa. Apatseni Lolemba lawo. Sukulu imene sabata ndi sabata imatchula wina pa chinthu chenicheni, tsiku la chikho chachikulu silidabwitsa munthu.

[Pa sikirini: Mudziwa bwanji kuti zalakwika?]

Tengani rejisitala ya kalabu muyang'ane masabata 4 otsatira. Munali ana 14. Akafika 20, mwambo wanu unatsegula njira. Akatsika kufika 9, makamaka ngati osowawo ndi amene anali amphamvu, ndiye kuti anamva zoti malo atengedwa kale, ndipo apatironi awatsate mmodzimmodzi kalabu isanathe. Onaninso wopambanayo pa nthawi ya buleki, akudya ndi anzake akale aja kapena wayamba kumangozungulira pafupi ndi sitafu rumu? Mvetserani mayina amene akumutcha, "pulofesa," "mwana wa ahedi," nthawi zina mpaka manong'onong'o oti ali ndi mankhwala. Komanso akasiya kukweza dzanja m'kalasi pamene kale ankayankha, musamati wayamba matama, kawirikawiri akudzichepetsa dala kuti anzake amulandirenso. Mukaona chimodzi mwa izi aphunzitsi a kalasi yake akhale naye pansi sabata yomweyo, amufunse amene akumunena ndi zimene akunena, kenaka akambe ndi anawo paokha popanda kuitanitsa asembule ina.