Msonkho wa pamalonda: amausenza ndi wogula kapena wogulitsa?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. Iwo alemba kuti: "Palisiti la mugolosale pamalembedwa VAT, ndipo ndalamayo imatuluka m'thumba mwanga. Koma achimwene anga, omwe ali ndi shopu, akuti msonkhowo amalipira ndi iwo chifukwa ndi amene amakaupereka ku MRA mwezi uliwonse. Takangana mpaka nsima kuzizira. Akunama ndani?"

Zikomo mayi. Lisiti lanu ndi mapepala a achimwene anu zonse zikunena zoona, koma zikungosonyeza amene wanyamula ndalamayo kukaisiya ku boma. Kuti mudziwe amene wasauka nawo msonkho, muyenera kufananitsa mtengo womwe ulipo ndi mtengo womwe ukanakhalapo msonkhowo pakanapanda.

Tiyerekeze ndi sopo, ndipo manambalawa ndi ongophunzirirapo. Mtanda umodzi unkagulitsidwa K2,000. Boma laikapo msonkho wa K300. Mukapita kushopu mukupeza mtengo wafika K2,240. Inu mwawonjezera K240 pa zomwe munkalipira kale. Wogulitsa walandira K2,240, wapatula K300 ya boma, watsala ndi K1,940, kutanthauza kuti wataya K60. Palisiti padzalembedwa msonkho wonse wa K300 ngati kuti mwausenza nokha, chonsecho K60 yachoka pa phindu la wogulitsa kapena la fakitale yomwe amaodako.

Nanga bwanji sanangoika K2,300? Yankho lili pa amene angathe kuchoka pamalondapo mosavuta, chomwe akatswiri a zachuma amachitcha ilasitisite. Amauyeza chonchi. Ngati mtengo wakwera ndi 10 peresenti ndipo anthu achepetsa kugula ndi 5 peresenti yokha, muyeso wa ogula ndi 5 kugawa ndi 10, yomwe ndi 0.5. Sopo ali mugulu limeneli, chifukwa ngakhale adule, zovala za ana ziyenera kuchapidwa. Kumbali inayo, ngati ndalama yomwe ogulitsa amatsala nayo itatsika ndi 10 peresenti ndipo iwo achepetsa sopo wobwera pamsika ndi 20 peresenti, muyeso wawo ndi 2. Iwowa ali ndi kolowera: mashelefu a sopo akhoza kuikapo shuga kapena mchere. Gawo la wogula limapezeka potenga muyeso wa ogulitsa n'kuugawa ndi miyeso iwiriyo itaphatikizidwa. Apa ndi 2 kugawa ndi 2.5, zomwe zikutipatsa magawo 80 pa 100 alionse. Magawo 80 a K300 ndiyo K240 ija.

Tsopano pitani kumsika wa Ndirande madzulo, muone mayi amene wabwera ndi dengu la tomato wakupsa kale. Tinene kuti pa dengu lililonse logulitsidwa paikidwa msonkho wa K500. Tomatoyo wayamba kufewa, wina wang'aluka, ntchentche zayamba kuzungulira. Sangamubweze kumunda, sangamusunge mpaka sabata yamawa. Wogula ali ndi ufulu wonse: akhoza kugula mulu umodzi m'malo mwa iwiri, kapena kuphika ndiwo zotendera. Mayiyo akayesa kuwonjezera K500 yonse, dengu ligona pamsika. Mwina K100 yokha ndi imene angaikankhire kwa ogula, K400 n'kuchoka pa phindu lake.

Koma nkhaniyi siithera tsiku limenelo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Chaka chotsatira alimi ena a kudimba aona kuti tomato sakupindulitsa, adzala anyezi kapena chimanga chachiwisi. Tomato achepa pamsika, mtengo ukwera, ndipo msonkho womwe poyamba unagwera wogulitsa uyamba kusamukira kwa wogula. Nthawi ikamapita ogulitsa amapeza njira zochokera, ndiye chifukwa chake pa katundu wofunika tsiku ndi tsiku gawo lalikulu limathera kwa ogula.

Choncho mayi, pa zinthu zamsonkho zomwe banja silingakhale osagula, inuyo ndi amene muli pafupi ndi choona. Achimwene anu ali ndi mfundo pa katundu amene makasitomala amamusiya msanga akangokwera, kapena ngati pafupi nawo pali okala yaing'ono yosalembetsa VAT yomwe ikugulitsa zomwezo motchipirako. Ndipo ngakhale lamulo litatembenuzidwa, kuti wogula azikapereka yekha K300 ija ku MRA, kagawidwe sikangasinthe kwenikweni. Mtengo wa pashelefu ungatsikire ku K1,940, inu n'kuwonjezapo K300, n'kufika pa K2,240 pomwe paja.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Kasungu. "Mu 2022 boma linachotsa VAT pa mafuta ophikira. Ife tinadikira kuti atsike koma sitinaone kanthu. Kodi makampani anatibera?"

Bambo, funso lanu ndi lomveka, ndipo kukwiya kwanu ndikukumvetsa, chifukwa mafuta ophikira amakhudza mphika wa aliyense. Tiyambe ndi masamu. VAT inali 16.5 peresenti. Chinthu chomwe chinkagulidwa K1,165 ndi msonkho chikanatsika kufika K1,000 ngati phindu lonse likanapita kwa ogula. Kumeneko ndi kutsika kwa pafupifupi 14 peresenti, ndipo ndiwo malire a zomwe kuchotsa msonkhowo kukanachita.

Miyezi yomweyo panachitikanso zina. Nkhondo ya ku Ukraine, yomwe inayamba mu Febuluwale 2022, inakweza mtengo wa mafuta a mpendadzuwa padziko lonse. Dziko la Indonesia linaletsa kwa milungu ingapo kutumiza kunja mafuta a kanjedza. Kenako mu Meyi kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, pomwe zambiri zopangira mafutawa zimagulidwa kunja ndi madola. Zonsezi pamodzi zikanatha kumeza 14 peresenti ija yonse, moti mtengo wa pashelefu wokha sungatiuze kuti phindu linapita kwa ndani.

Izi sizikutanthauza kuti makampani n'ngosalakwa. Pomwe opanga ndi ochepa ndipo ogula alibe kothawira, palibe chowakakamiza kutsitsa mtengo msanga. Zinaonekapo ku France mu Julayi 2009, pomwe VAT ya m'malesitilanti inatsitsidwa kuchoka pa 19.6 kufika pa 5.5 peresenti. Phindu lonse likanapita kwa odya, mitengo ikanatsika ndi pafupifupi 12 peresenti. Inatsika pang'ono chabe, ndipo gawo lalikulu linatsalira kwa eni malesitilanti. Ine ndimaona kuti boma likamachotsa msonkho n'cholinga chothandiza osauka, liyenera kuyamba laona kuti pamsika pali mpikisano wotani, apo ayi ndalama yomwe ikanagula mankhwala m'zipatala ingosamukira kwa amalonda.

Njira yoyezera ilipo, ndipo inu muli pafupi ndi malire a Zambia mukhoza kuimvetsa msanga. Munthu amatenga mtengo wa botolo la malita awiri kuno, msonkho usanachotsedwe ndiponso utachotsedwa, n'kufananitsa ndi mmene mafuta ofanana nawo anasinthira ku Chipata miyezi yomweyo, mitengo yonse ataisandutsa madola. Ngati m'madola athu anakwera mofanana ndi a kutsidya, ogula sanalawe phindu la kuchotsa VAT. Ngati athu anatsalira m'mbuyo ndi pafupifupi 14 peresenti, phindu linafika kwa inu, kungoti linabisika m'kukwera kwa zinthu zina. Bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition and Fair Trading Commission lili ndi mphamvu yofunsa makampani mmene amawerengera mitengo yawo, ndipo dandaulo ngati lanuli mukhoza kukalipereka kumeneko.