Maluwa anayi ndi galu wodyedwa: kufotokozera owerenga zachilendo m'buku lomasuliridwa

[Pa sikirini: dzanja likuika maluwa anayi patebulo]

Moni nonse. Tiyerekeze kuti mukumasulira buku la nthano yaitali kuchokera m'Chirasha, ndipo amene adzaliwerenge sanapondeko ku Russia. Mwafika pa ndime iyi, yomwe ndapeka kuti tiphunzirirepo. Mnyamata wafika kwa bwenzi lake atanyamula maluwa. Mtsikanayo akuwawerenga, akupeza kuti ndi anayi. Akungoti "zikomo", n'kuwasiya patebulo osawaika m'madzi. Wolemba sakuwonjezerapo kanthu.

Munthu wa ku Russia akawerenga pamenepa, mtima umagunda. Kumeneko maluwa opatsa munthu wamoyo amakhala limodzi, atatu, asanu, motero. Awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi amapita nawo kumaliro ndi kumanda. Wowerenga wanu sakudziwa zimenezi. Iye angoona mtsikana wosayamika, ndipo amuweruza molakwa mpaka buku lonse kutha. Mawu onse mwawamasulira molondola, koma nkhani yatayika.

Musanakhudze chiganizocho, dzifunseni funso limodzi: wowerenga wa chilankhulo choyambacho akafika pamzere uwu, akudziwa chiyani chomwe wolemba sananene? Chimenecho ndiye ngongole yanu kwa wowerenga watsopano, ndipo musapyole pamenepo.

[Pa sikirini: chiganizo chikulembedwa, mawu owonjezera ali ndi mtundu wina]

Njira imene ndimaikonda pa ndime ngati iyi ndi kulowetsa tanthauzo m'chiganizo momwemo. Mwachitsanzo: "Anawawerenga. Anali anayi, ngati opita nawo kumanda." Tawonjezera mawu anayi basi. Wowerenga sanaime, sanatsitse maso pansi pa tsamba, koma wamva kuzizira komwe mtsikanayo wamva.

Tsono njirayi ili ndi malire, ndipo apa m'pomwe ambiri amaterereka. Mawu owonjezerawo ayenera kukhala oti wofotokoza nkhaniyo akanawanena yekha. Ngati akusimba ndi mtsikanayo mwini, sanganene kuti "kwathu ku Russia anthu sapatsana maluwa anayi", chifukwa munthu sadzifotokozera mwambo womwe anabadwiramo. Mukalemba choncho, wowerenga amamva kuti wina wachilendo walowa m'chipindamo n'kuyamba kuphunzitsa.

Komanso musafotokoze za mumtima. Mukalemba kuti "anakhumudwa poganiza kuti chikondi chatha", mwamulanda wolemba ntchito. Iye anasiya dala osanena ngati mnyamatayo wachita mosadziwa kapena mwadala. Mwambo uperekeni, koma chigamulo chisiyireni wowerenga. Ndipo werengani buku lonse musanawonjezere kalikonse. N'kutheka kuti patsogolo mayi wa mtsikanayo afunsa kuti, "Kodi wamwalira ndani?" Zikatero wolemba wafotokoza kale, inu musakhudzepo.

[Pa sikirini: chithunzi cha ntchentche ndi njovu, kenako cha galu]

Tibwere ku zining'a. Chirasha chili ndi chining'a chakuti munthu akusandutsa ntchentche kukhala njovu, kutanthauza kukulitsa nkhani yaing'ono. Ichi chisiyeni momwe chilili. Aliyense akudziwa kuchepa kwa ntchentche ndi kukula kwa njovu, ndipo wowerenga amasangalala kumva mmene anthu akwina amayankhulira.

Koma pali china chakuti munthu "anadya galu" pa ntchito inayake. Tanthauzo lake n'lakuti ndi katswiri, ntchitoyo anaizolowera kalekale. Amene amachinena saona galu aliyense m'maganizo mwawo, chithunzicho chinafwifwa kale. Mukamasulira liwu ndi liwu, wowerenga wanu adzaona mbale ndi nyama, mwinanso n'kuyamba kukhulupirira bodza lokhudza anthu a dziko lonse. Apa lembani tanthauzo: "Pa ntchito imeneyi ndi katakwe."

Chenjerani pamene wolemba wachidzutsa chining'acho. Tinene kuti wina wati, "Pa zokonza mawotchi, bamboyu anadya galu," mnzake n'kuyankha kuti, "Mchira wokha ndi umene unamutsamwa." Yankho lachiwirili laimirira pa galuyo. Mukamuchotsa, mchira ukhala wopanda mwini. Choncho galu abwerere, koma mumutsegulire njira: "Pa zokonza mawotchi bamboyu ndi katakwe, anadya galu monga amanenera." Kamawu kakuti "monga amanenera" kakuuza wowerenga kuti ichi ndi chining'a, asachitenge ngati mmene chikumvekera.

Ena amafunsa kuti, bwanji osangoikapo mwambi wa chilankhulo chomwe tikumasuliramo? Nthawi zina zimatheka. M'chaka cha 1813, ku Berlin, katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Schleiermacher, anafotokoza kuti womasulira ali ndi njira ziwiri: kutengera wowerenga kwa wolemba, kapena kubweretsa wolemba kwa wowerenga. Mwambi wolowa m'malo uli m'njira yachiwiriyo. Vuto limabwera ngati mwambiwo ukutchula nyama, mbewu kapena chida chomwe kulibe kumene nthanoyo ikuchitikira. Nkhalamba yokhala pakati pa chipale chofewa ikayamba kuponya miyambi ya kudziko lotentha, wowerenga amasiya kuikhulupirira. Ine ndimalola mwambi wotere pokhapokha ngati chithunzi chake chingapezekenso m'dziko la nthanoyo.

[Pa sikirini: kanyenyezi pa liwu, ndi mawu aang'ono pansi pa tsamba]

Nanga mawu a m'munsi mwa tsamba? Ali ndi malo ake. Ngati munthu m'nthano watchula lamulo, nkhondo kapena mtsogoleri amene owerenga oyamba onse ankamudziwa, ndipo kufotokoza kukufuna ziganizo ziwiri, simungazipanikize m'kamwa mwa wolankhulayo. Ikani pansi, mwachidule. Wolemba mabuku Vladimir Nabokov atamasulira Eugene Onegin, nthano ya mlakatuli wa ku Russia Pushkin, kupita m'Chingerezi, ntchitoyo inatuluka mu 1964 m'mabuku anayi, ndipo ndemanga zake zinatalika kuposa nthanoyo kutalitali. Zimenezo zimathandiza wofufuza. Koma wowerenga wofuna kudziwa ngati mtsikana uja akhululuke, kanyenyezi kalikonse kamamukoka dzanja pakati pa nkhani. Pa ndime ya maluwa ija, kumutsitsira pansi pa tsamba kukanapha mphindi yonseyo.

Zinthu zobwerezabwereza zimayenera tsamba lakelake koyambirira kwa buku. Mayina a Chirasha ndi chitsanzo chabwino. Munthu mmodzi yemweyo atha kutchedwa Ivan Petrovich ndi omulemekeza, pamene abale ndi anzake akumuitana Vanya. Petrovich akusonyeza kuti bambo ake ndi Pyotr. Mukafotokoza kamodzi koyambirira, wowerenga sadzayesa kuti ndi anthu awiri, ndipo tsiku limene mtsikana adzasiye kunena Vanya n'kuyamba kunena Ivan Petrovich, adzazindikira yekha kuti pakati pawo pazizira.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu chonchi. Pezani munthu wosadziwa chikhalidwe cha m'bukulo, mumupatse mutu umodzi. Musamufunse ngati wamva, chifukwa ambiri amangovomera. Mupempheni akusimbireni zomwe zachitika ndi chifukwa chake. Akati mtsikanayo ndi wamwano, mwafotokoza moperewera. Akakuuzani za mwambo wa maluwa mwatsatanetsatane koma osakumbuka kuti maluwawo sanaikidwe m'madzi, mwafotokoza mopyola, ndipo bwererani mukachotse.