Chimbale chimodzi chikamaoneka ngati zimbale zinayi

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyo, ngati mawu sakufika mungokweza dzanja.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Tiyerekeze kuti gulu lina loyimba, tingolitcha Gulu Lathu, latulutsa chimbale cha nyimbo 12. Mafayilo onse ali m'foda imodzi, mayina ake ndi olembedwa bwino. Koma mwangowaika m'foni, chimbalecho chagawika panayi. Nyimbo yachikhumi yabwera isanafike yachiwiri, ina yalembedwa `Unknown Artist`, ndipo chithunzi cha pachikuto chikuoneka pa nyimbo zitatu zokha. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kusintha mayina a mafayilo, koma sizithandiza, chifukwa puleya, kutanthauza pulogalamu kapena wailesi imene ikuyimba nyimbozo, nthawi zambiri siyang'ana dzina la fayilo. Imawerenga mawu amene analembedwa m'kati mwa fayiloyo. Mawu amenewo ndiwo matagi.

M'mafayilo a MP3 matagiwa amatchedwa ID3, ndipo alipo a mitundu iwiri. Akale, ID3v1, anabwera mu 1996. Amakhala kumapeto kwa fayilo m'kamalo ka mabayiti 128 basi, moti mutu wa nyimbo, dzina la woyimba ndi dzina la chimbale chilichonse sichipitirira zilembo 30, ndipo malo a chithunzi palibe. Mukaona mutu wa nyimbo waduka pakati ngati wadyedwa ndi mbewa, kawirikawiri ndiye kuti puleya ikuwerenga tagi yakaleyi. Atsopano, ID3v2, amakhala kumayambiriro kwa fayilo ndipo amanyamula mawu aatali pamodzi ndi chithunzi. Fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi mitundu yonse iwiri nthawi imodzi, uku ikunena zina, uku zina. Mafayilo a FLAC ndi M4A ali ndi njira zawozawo zosungira matagi, koma zimene tikambe pano zimagwiranso kumeneko. WAV yokha ndiyo yovuta, chifukwa mapuleya ambiri sawerenga bwino matagi ake.

Tsopano n'chifukwa chiyani chimbale chija chinagawika? Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Pali mabokosi awiri a dzina la woyimba. Loyamba ndi `Artist`, lachiwiri ndi `Album Artist`. M'kati mwa fayilo ya MP3 loyambalo limatchedwa `TPE1`, lachiwirilo `TPE2`. Loyamba limanena amene wayimba nyimbo imodziyo. Lachiwiri limanena mwini wake wa chimbale chonse. Mapuleya ambiri akafuna kudziwa kuti nyimbo izi ndi za chimbale chimodzi, amaphatikiza dzina la chimbale ndi `Album Artist`. Bokosi limeneli likakhala lopanda kanthu, amatenga `Artist` m'malo mwake.

Ndiye taonani zimene zinachitika. Pa nyimbo 12 zija, zisanu ndi zinayi zili ndi dzina la Gulu Lathu. Ziwiri anayimba ndi mlendo, choncho dzina la mlendoyo linawonjezedwa pa `Artist`. Imodzi inaiwalidwa, bokosi lake lili mbee. Afika magulu atatu. Lachinayi likuchokera kuti? Pa zisanu ndi zinayi zija, imodzi wolemba anagunda batani losiya mpata atamaliza kulemba dzina la chimbale. Diso silingauone mpata umenewo, koma kwa mapuleya ena dzina lokhala ndi mpata kumapeto ndi dzina lina. Chimodzimodzi chilembo chachikulu ndi chaching'ono, kapena kampumiro kamene kali pa fayilo imodzi koma pa inzake palibe.

Mankhwala ake ndi akuti zinthu zonse zimene ziyenera kufanana muzilembe kamodzi, pa mafayilo onse nthawi imodzi, osati fayilo iliyonse payokha. Titenge pulogalamu ya Mp3tag, imene ambiri amagwiritsa ntchito pa kompyuta. Kid3 nayo imachita zomwezi. Musanayambe, koperani foda yonse pamalo ena, chifukwa kusunga kolakwika kamodzi kumawononga mafayilo 12 nthawi imodzi. Kenako kokerani fodayo m'pulogalamu, musindikize `Ctrl+A` kuti musankhe nyimbo zonse. Kumanzere kuli mabokosi. Pamene mafayilo akusiyana, bokosi limaonetsa mawu akuti `< keep >`, kutanthauza kuti fayilo iliyonse isunge zake. Pamenepa mukhoza kugwira wakuba: ngati bokosi la `Album` likuonetsa `< keep >` pamene nyimbo zonse ndi za chimbale chimodzi, ndiye kuti penapake pali kalembedwe kosiyana. Lembani dzina la chimbale, lembani Gulu Lathu pa `Album Artist`, ikani chaka, koma `Title` ndi `Artist` muzisiye pa `< keep >`. Mukalembamo mutu wa nyimbo mutasankha mafayilo onse, nyimbo zonse 12 zitenga mutu umodzi. Mukamaliza sindikizani `Ctrl+S` musanadine pena paliponse, apo ayi zimene mwalembazo zikhoza kutayika.

Zikatero mubwerere ku nyimbo imodziimodzi. Ija yopanda dzina muilembe. Ziwiri za mlendo zija zisiyeni ndi dzina la mlendo pa `Artist`, ndi malo ake oyenera, ndipo tsopano sizingagawenso chimbale. Ngati chimbale ndi chosonkhanitsa oyimba osiyanasiyana, pa `Album Artist` pamalembedwa `Various Artists` pa mafayilo onse.

Pa mutu wa nyimbo, langizo ndi lalifupi. Mulembemo mutu wokha. Nambala ya nyimbo, dzina la woyimba, nambala ya foni ya situdiyo, mawu otsatsa malonda, zonsezi si za m'bokosi limenelo. Kasikirini ka wailesi ya m'galimoto kamaonetsa zilembo zochepa, ndiye mukayamba ndi dzina la gulu, nyimbo zonse zioneka ngati imodzi.

Nambala ili ndi bokosi lake, `Track`. Lembani `1/12`, `2/12` mpaka `12/12`, kapena mulole pulogalamu ikulembereni mutandandalika nyimbozo mmene ziyenera kutsatirana. Nyimbo yachikhumi inadumpha mzere chifukwa bokosili linali lopanda kanthu, ndiye puleya inasanja potsata zilembo za mayina a mafayilo, ndipo potsata zilembo 10 amabwera 2 asanafike, poti amayamba ndi 1. N'chifukwa chake pa mayina a mafayilo timalemba 01, 02, 03. Mu Mp3tag, pa `Convert` musankhe `Tag - Filename` n'kulemba ichi chimene chili pabolodi:

```
$num(%track%,2) - %title%
```

Mayina onse a mafayilo asintha kutengera matagi. Chimbale chikakhala cha madisiki awiri, musalembe disiki yoyamba kapena yachiwiri m'dzina la chimbale. Pali bokosi la `Discnumber`, mulembemo `1/2` ndi `2/2`.

Eya bambo, funsani. Akufunsa kuti iwo anachita zonsezi koma m'galimoto nyimbo zimabwerabe mosokonekera. Zoona, zimachitika, ndipo vuto si matagi. Mawailesi ena a m'galimoto amayimba potsata mmene mafayilo analowera pa fulashi. Chotsani fodayo pa fulashi, pangani foda yatsopano, mukoperemo nyimbozo motsatana kuyambira 01.

Tibwere ku chithunzi. Chithunzi chimene chili m'foda, chija chotchedwa `folder.jpg` kapena `cover.jpg`, si chimene chili m'kati mwa nyimbo. Mukatumizira mnzanu fayilo imodzi, cha m'foda chimatsala. Kuti chiyende ndi nyimbo chiyenera kulowetsedwa m'fayilo, m'gawo lotchedwa `APIC`. Mutasankha mafayilo onse, dinani batani lakumanja la mbewa pa kabokosi ka chithunzi, musankhe `Add cover`, muonetsetse kuti mtundu wake ndi `Front Cover`, n'kusunga. Ngati munali zithunzi zakale, yambani mwazichotsa, chifukwa fayilo ikhoza kunyamula zingapo ndipo puleya ina imangotola choyamba.

Kukula kwa chithunzi n'kumene kumapweteketsa anthu. Nyimbo ya mphindi zinayi pa 128 kbps imalemera pafupifupi 3.8 MB. Chithunzi chochokera pa kamera ya foni chikhoza kulemera 4 MB pachokha. Mukachilowetsa chonchi, nyimbo iliyonse yalemera kawiri, ndipo pa nyimbo 12 mwawonjezera 48 MB pachabe. Chinanso, mapuleya ang'onoang'ono amachedwa kuyamba nyimbo kapena amangochikana chithunzicho. Chiduleni chikhale chofanana mbali zonse, mapikiselo 600 m'litali ndi 600 m'lifupi, muchisunge ngati JPEG, ndipo chidzalemera pafupifupi 100 KB. Kwa mawailesi akale, 500 kapena 300 ndiye bwino. Posunga JPEG mapulogalamu ena amafunsa ngati mukufuna `progressive` kapena `baseline`. Sankhani `baseline`. Chithunzi cha `progressive` chimaoneka bwinobwino pa kompyuta, koma zipangizo zina sizitha kuchitsegula, zimangoonetsa bokosi lakuda. Ngati chithunzi chachokera kwa osindikiza mapepala, onaninso kuti mitundu yake ndi ya RGB osati CMYK. Ndipo kusintha dzina la chithunzi cha PNG kuti lithere ndi `.jpg` sikuchisandutsa JPEG, ndi PNG yomweyo yavala malaya a eni.

Chatsala chimodzi, zilembo. ID3v2 ili ndi mibadwo iwiri imene mukumane nayo, 2.3 ya 1999 ndi 2.4 ya 2000. Yatsopanoyo ndi yabwino, koma 2.3 ndi imene imawerengedwa ndi zipangizo zambiri, makamaka zakale, ndiye ngati nyimbo zikupita kwa anthu amene simukudziwa kuti akamvetsera pa chiyani, sankhani 2.3. Mu 2.3 muli njira ziwiri zosungira zilembo, `ISO-8859-1` ndi `UTF-16`. Yoyambayo ilibe chilembo ŵ, chija chokhala ndi kadenga pamwamba. Mutu wokhala ndi chilembo chimenechi ukasungidwa m'njira yoyambayo, kadengako kamatayika kapena pamalopo pamatuluka chizindikiro cha funso. Mu Mp3tag pitani pa `Options`, kenako `Tags`, kenako `Mpeg`, musankhe `ID3v2.3 UTF-16`. Pomwepo pali posankha matagi oti achotsedwe ndi oti alembedwe. Chotsani onse akale, kuphatikizapo ID3v1 ndi mtundu wina wa matagi wotchedwa `APE`, koma chitani zimenezi mosamala: batani lochotsa matagi limachotsa mtundu uliwonse umene mwauchonga pansi pa `Remove`, ndiye ID3v2 isakhale yochongedwa pamenepo.

Amayi kumeneko akuti anakonza zonse, koma foni ikuonetsabe dzina lakale ndi chithunzi chakale. Musabwerezenso ntchito, amayi. Puleya siwerenga matagi nthawi iliyonse ikamayimba. Imawawerenga kamodzi fayilo ikangofika, n'kusunga mndandanda wakewake pamodzi ndi tizithunzi tating'ono. Kuti mudziwe kumene kuli vuto, tsekani Mp3tag n'kuitsegulanso ndi foda ija. Ngati zatsopano zikuoneka mmenemo, fayilo ili bwino. Mukatero chotsani nyimbozo m'foni, tsegulani puleya kuti ione kuti zachoka, kenako muzikoperenso. Mapuleya ena ali ndi batani la `Rescan`, limene limawauza kuti awerengenso zonse. Chithunzi chokha chikakanirira, lowani mu `Settings` ya foni, mupeze pulogalamuyo pa mndandanda wa mapulogalamu, musankhe `Clear cache`. Chenjerani ndi batani loyandikana nalo la `Clear data`, limenelo likhoza kufufutanso mindandanda ya nyimbo imene munasanja nokha.